PS5 kudzera mu risiva: HDR yasowa, gemu ikuchedwa, vuto lili pati?

Funso: Ndili ndi PS5, tivi ya LG C1 ndi risiva ya Denon AVR-X2600H yokhala ndi masipika 5.1, yomwe ndinagula kwa munthu. PS5 ikalumikizidwa mwachindunji ku tivi zonse zimayenda bwino. Ndikaidutsitsa mu risiva mawu amakoma, koma HDR imazimiririka, 120 Hz sipezekanso, ndipo ndikadina batani zimakhala ngati gemu ikuyankha mochedwa. Kodi risiva ndi imene ikuchedwetsa? Ndigule ina?

Yankho: Musathamangire kugula risiva ina. Mwa mavuto atatu amenewa, awiri amatha ndi rimoti yokha, ndipo lachitatu limatha posintha malo a chingwe chimodzi. Komanso ndikukayika kwambiri ngati risiva ndi imene ikukuchedwetsani. Nthawi zambiri wochedwetsa amakhala tivi, ndipo ndifotokoza chifukwa chake tikathana ndi HDR.

Mukayatsa PS5, isanatumize chithunzi chilichonse imayamba yafunsa chipangizo chomwe chili kumapeto kwa chingwe chake kuti chimatha kulandira zotani. Yankho limabwera ngati kamndandanda kotchedwa EDID, momwe muli kukula kwa chithunzi, mafulemu angati pa sekondi, HDR ngati ilipo, ndi mitundu ya mawu. PS5 ikalumikizidwa ku tivi, amayankha ndi tivi. Mukaika risiva pakati, PS5 siyankhulanso ndi tivi, imayankhula ndi risiva. Risivayo imawerenga zomwe tivi ikutha, n'kuchotsapo zonse zomwe iyo singathe kudutsitsa kapena zomwe yaletsedwa kudutsitsa mu menyu, kenako n'kupereka zotsalazo kwa PS5. Choncho HDR siikutayika panjira ayi. PS5 siikuitumiza n'komwe, chifukwa yauzidwa kuti kutsogoloko kulibe woilandira. Zili ngati msewu wotakasuka wokhala ndi mlatho wopapatiza pakati: katundu yense amayezedwa ndi mlathowo, osati ndi msewu.

Mlatho wanu ndi wotani? AVR-X2600H inatuluka mu 2019 ndipo makomo ake a HDMI amanyamula magigabiti 18 pa sekondi. Imeneyi ndi mphamvu yokwanira chithunzi cha 4K pa mafulemu 60 ndi HDR10, yomwe ndi HDR imene magemu a PS5 amagwiritsa ntchito. Koma risivayi ili ndi chosankha chotchedwa 4K Signal Format, mu Setup kenako Video, ndipo ikakhala pa Standard imangolengeza 4K ya mafulemu 60 yokhala ndi mabiti 8. HDR10 imafuna mabiti 10, chifukwa kuchokera pa mdima kufika pa kuwala kwambiri pamafunika masitepe 1024 m'malo mwa 256, apo ayi thambo la mu gemu limaoneka mizeremizere. PS5 ikaona kuti mabiti 10 saloledwa pa 4K ya mafulemu 60, imasiya HDR kapena kutsitsa chithunzi. Sinthani chosankhacho chikhale pa Enhanced. Opanga amaika Standard kuti risiva izigwira ntchito ngakhale ndi matiivi akale ndi zingwe zofooka, ndipo anthu ambiri amakhala zaka osadziwa kuti chosankhachi chilipo. Poti yanuyo inachokera kwa munthu wina, musaganize kuti iye anasintha.

Ku tivi kuli chosankha china chofanana nacho, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amakodwa. Pa C1 chimatchedwa HDMI Deep Colour, ndipo chili mu General, Devices, HDMI Settings. Chimasungidwa pa khomo lililonse palokha. Pamene PS5 inali pa HDMI 1, khomo limenelo linali lotsegulidwa kale. Risiva mwina mwaiika pa HDMI 2, chifukwa ndi pomwe palembedwa eARC, njira yobwezera mawu a tivi ku risiva, ndipo khomo limenelo likhoza kukhala lidakali pa Off. Lowani pa khomo lomwe pali risiva ndi kuika chosankhacho pa 4K. Amene ali ndi matiivi ena apeza chinthu chomwechi ndi dzina lina: Input Signal Plus pa Samsung, Enhanced format pansi pa HDMI signal format pa Sony.

Mukasintha ziwirizi, zimitsani zonse zitatu, PS5 muizimitsiretu osati kuisiya pa Rest Mode. Yatsani tivi choyamba, kenako risiva, PS5 pomaliza, kuti mndandanda uja uwerengedwe mwatsopano kuyambira kumapeto. Ngati PS5 ikukakamirabe zakale, zulani mapulagi onse kwa mphindi imodzi. Ndipo ngati kukhomo lachiwiri la risiva, la MONITOR 2, kuli pulojekita kapena tivi ina yakale, ichotseni kaye, chifukwa risiva ikamadyetsa masikirini awiri nthawi imodzi imatsatira yofookayo.

Musadalire maso kuti mudziwe ngati zatheka. Pa PS5 pitani ku Settings, Screen and Video, Video Output, kenako Video Output Information. Tsamba limeneli limaonetsa zomwe PS5 ikutumiza pakadali pano ndi zomwe yauzidwa kuti n'zotheka. Kudzera mu risiva yanu muyenera kuona 3840 x 2160 pa 60 Hz, HDR italembedwa, ndipo mtundu wa sigino ndi YUV422. Mukabwezera PS5 ku tivi mwachindunji, pamalo omwewo palembedwa RGB. Izi zisakudetseni nkhawa. 4K ya mafulemu 60 mu RGB ya mabiti 8 imadya kale magigabiti pafupifupi 17.8, ndiye kuikweza kufika pa mabiti 10 kumapitirira 20, zomwe sizikwana mu 18. PS5 imasunga kuwala kwa kadontho kalikonse monga kuliri, n'kuchepetsa ndi theka uthenga wa mitundu m'mbali, ndipo HDR imakwana. Mu gemu, mutakhala pa sofa, kusiyana kwake simungakuone. Kumaonekera pa tizilembo ting'onoting'ono tofiira kapena tobiriwira ngati mwasendera pafupi ndi sikirini, basi.

Tsopano za kuchedwa. Risiva ikangolandira chithunzi n'kuchipereka osachikhudza, nthawi yomwe imaonjezera ndi yochepa kwambiri moti chala sichingaimve. Imayamba kuchedwetsa ikamachikonza chithunzicho, monga kuchikuza kapena kuchisalaza, chifukwa imayenera kusunga fulemu kaye isanaitumize, ndipo fulemu imodzi pa 60 Hz ndi mamilisekondi 16.7. Pa risiva yanu zimenezi zili mu Video, Output Settings. Ikani i/p Scaler pa Off ndi Video Mode pa Game pa khomo la PS5 kuti chithunzi chizingodutsa. C1 imakuza chithunzi bwino yokha, ndipo PS5 imatumiza kale 4K, ndiye palibe ntchito yomwe risiva ikuyenera kugwira pa chithunzi.

Koma ngakhale risiva itasunga fulemu yathunthu, si zomwe zingakupangitseni kumva ngati mukusewera m'matope. Kuchedwa kwakukulu kuli mu tivi. C1 ikakhala pa Game Optimiser imaonetsa chithunzi patadutsa mamilisekondi 10 kapena kupitirira pang'ono pa 60 Hz. Ikakhala pa Standard kapena Cinema, pomwe imasalaza mayendedwe ndi kuchotsa phokoso la m'chithunzi, nthawiyo imayandikira 100. Amenewo ndi mafulemu asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo mu gemu ya mpira kapena yowomberana mumawamva msanga. Tivi imakumbukira mtundu wa chithunzi pa khomo lililonse palokha, monga zilili ndi Deep Colour. Pa HDMI 1 inali pa Game Optimiser. Mutasamukira pa HDMI 2 kudzera mu risiva, munagwera pa mtundu womwe unali pakhomo limenelo. Mlandu n'kugwera risiva chifukwa ndi yomwe inali yachilendo m'nyumba.

Pali njira yotchedwa ALLM yomwe konso imauzira tivi kuti ilowe yokha mu Game Optimiser. PS5 ili nayo, C1 ili nayo, ndipo risiva yanu inalembedwa kuti imaidziwa. Onetsetsani kuti ALLM ili pa Automatic mu Video Output ya PS5. Komabe ine sindimaidalira yokha pakakhala chipangizo pakati. Sankhani Game Optimiser ndi dzanja lanu pa khomo limenelo, ndipo muchite kawiri. Tivi imasunga zosankha za chithunzi wamba padera ndi za HDR padera. Ngati HDR ya PS5 ili pa On When Supported, gemu yopanda HDR imatumiza chithunzi wamba ndipo gemu ya HDR imasinthira ku HDR. Mukakonza mbali imodzi yokha, mudzadabwa kuti gemu ina ikuyankha msanga pomwe ina ikukoka miyendo, pa zingwe zomwezo. Tsegulani gemu ya HDR, dikirani kachizindikiro ka HDR kaoneke pakona ya sikirini, sankhani Game Optimiser. Kenako tsegulani gemu yopanda HDR ndi kubwerezanso.

Pali vuto limodzi lomwe njira ya risiva imabweretsa ndipo ndi bwino mulidziwe. Zipangizo zonse zolowa mu risiva, dikoda, pleya ya mafilimu ndi PS5, zimafika ku tivi kudzera pa khomo limodzi. Mukaumiriza Game Optimiser pa khomo limenelo, mafilimu nawonso azioneka mu Game Optimiser mpaka mutasintha. Apa ndi pomwe ALLM imathandiza ikamagwira bwino, chifukwa tivi imabwerera yokha ku mtundu wakale mukachoka pa gemu.

Ngati mukufuna umboni osati kungomva, foni yanu ikwanira. Mafoni ambiri amajambula kanema woyenda pang'onopang'ono wa mafulemu 240 pa sekondi, kutanthauza kuti fulemu iliyonse ndi mamilisekondi 4.2. Imikani foni pomwe ikuona chala chanu pa batani ndi sikirini nthawi imodzi. Sankhani chinthu chomwe chimachitika pompopompo, monga kuwomba mfuti kapena kulumpha. Werengani mafulemu kuchokera pomwe batani lafika pansi mpaka pomwe sikirini yayamba kusintha. Chitani kakhumi PS5 ili mwachindunji pa tivi, kakhuminso ili mu risiva, ndipo mutenge chiwerengero chapakati, chifukwa gemu payokha imasinthasintha ndi fulemu imodzi. Tinene kuti mwachindunji mwapeza mafulemu 20, omwe ndi mamilisekondi 84, kuphatikizapo nthawi ya kontirola ndi ya gemu. Ngati mu risiva mwapeza 20 kapena 21, palibe vuto. Mukapeza 24, kusiyana kwa mamilisekondi 17 kumeneko ndi fulemu imodzi ya 60 Hz, ndipo ndikanayamba kuyang'ana i/p Scaler ndi Video Mode. Mukapeza 38 kapena 40, musavutike ndi risiva, tivi siili pa Game Optimiser.

Pali kuchedwa kwina komwe anthu amakusokoneza ndi kumeneku, komwe ndi kwa mawu. Risiva ili ndi Audio Delay komanso Auto Lip Sync. Zonsezi zimachedwetsa mawu okha kuti adikire chithunzi, sizikhudza chithunzicho. Ngati mwini wakale anaika mamilisekondi 100 kuti agwirizane ndi tivi yake, inu mukalowa mu Game Optimiser chithunzi chimafika msanga, mfuti n'kumveka itawomba kale, ndipo ubongo umati gemu yonse ikuchedwa. Ikani Audio Delay pa 0 pa khomo la PS5. Pa PS5, mu Sound, Audio Output, ikani HDMI Device Type pa AV amplifier, Number of Channels pa 5.1, ndi Audio Format (Priority) pa Linear PCM. Gemu imapanga mawu ake ali PCM kale. Mukasankha Dolby kapena DTS, PS5 iyenera kuwapanikiza kaye kenako risiva iwamasule, ndipo ntchito imeneyo imatenga nthawi popanda phindu lililonse pa masipika 5.1. Dolby Atmos, yomwe PS5 inalandira mu Seputembala 2023, ili ndi tanthauzo kwa amene ali ndi masipika am'mwamba. Inu mulibe.

Chatsala ndi 120 Hz, ndipo apa palibe menyu yomwe ingakuthandizeni. 4K ya mafulemu 120 ndi HDR imafuna HDMI 2.1. PS5 imaitumiza pa magigabiti 32, ndipo makomo onse anayi a C1 amalandira mpaka 40, koma risiva yanu imathera pa 18. VRR, yomwe imalola tivi kutsatira liwiro la gemu kuti chithunzi chisang'ambike mafulemu akatsika, nayonso sidutsa mu risiva imeneyi. Ndiye pali zosankha ziwiri. Mukhoza kukhala pa 4K ya mafulemu 60 ndi HDR kudzera mu risiva, zomwe ndi zokwanira pa magemu ambiri. Kapena mutembenuze njira: chithunzi chipite ku tivi mwachindunji, mawu abwerere ku risiva.

Ineyo ndi zipangizo zanuzi ndikanasankha njira yachiwiriyi, chifukwa tivi ndi risiva zonse zili ndi eARC. Lumikizani PS5 ku HDMI 1, 3 kapena 4 ya tivi ndi chingwe chomwe inabwera nacho. Chingwe chochokera pa MONITOR 1 ya risiva chikhale pa HDMI 2 ya tivi, ndipo chingwe chomwechi ndi chimene chizibweza mawu. Pa tivi, Sound Out ikhale pa chipangizo cha HDMI (ARC), ndipo mu Advanced Settings yatsani eARC Support, ikani Digital Sound Output pa Pass Through, ndi Select HDMI Input Audio Format pa Bitstream pa khomo la PS5. Risiva izikhala pa TV Audio. Zosankha za mawu pa PS5 zikhale zomwe zija, AV amplifier, 5.1 ndi Linear PCM. Apa muzisankhe nokha, chifukwa PS5 tsopano ikuona tivi ndipo ikhoza kubwerera ku masipika awiri.

Kusiyana kwa ARC ndi eARC n'kofunika kukumvetsa, chifukwa wina akhoza kuwerenga izi ali ndi risiva yakale. ARC yakale imanyamula PCM ya masipika awiri okha, kapena 5.1 yopanikizidwa ya Dolby Digital. eARC ili ndi malo okwanira PCM yosapanikizidwa mpaka 7.1. Choncho pa ARC yakale, kuti mupeze masipika asanu muyenera kusankha Dolby, ndipo kuchedwa kwa mawu kuja kumabwera. Kumeneko kulibe mankhwala, chifukwa Audio Delay imangotha kuonjezera nthawi, singabweze mawu omwe achedwa kale. PS5 ilibenso khomo la mawu la optical lomwe PS4 yoyamba inali nalo, ndiye njira yakale ija yotumiza mawu padera palibe. Komanso pa C1 musasankhe DTS kudzera pa eARC, chifukwa matiivi a LG a chaka chimenecho saidutsitsa.

Njira imeneyi nayo iyenera kuyesedwa. Yang'anani nkhope ya risiva gemu ikusewera: pakhale mawu oti Multi Ch In kapena chizindikiro choti ikulandira PCM ya masipika ambiri. Ikalemba Stereo, kapena ikaonetsa kuti ikufalitsa mawu a masipika awiri ndi Dolby Surround, ndiye kuti china mwa zosankha zija sichinakhale bwino, ndipo kawirikawiri chimakhala Pass Through kapena Bitstream. Masipika onse akhoza kumalira ndithu, koma mdani wobwera kumbuyo simumumva komwe ali. Mukabwerera ku Video Output Information, muyenera kuona 120 Hz ndi VRR zili m'gulu la zotheka. Mu gemu ya 120 Hz sigino idzakhalanso YUV422, ndipo nthawi ino malire ndi a PS5 yeniyeniyo, osati tivi kapena chingwe.

Za zingwe ndinene mwachidule. Kudzera mu risiva zingwe zimakhala ziwiri ndipo zonse ziyenera kukwanitsa magigabiti 18, zomwe ndi zolembedwa Premium High Speed. Chopita ku tivi pa 120 Hz chikhale Ultra High Speed. Chingwe chofooka sichichedwetsa gemu kapena kuzimitsa mitundu. Chimadziwika ndi sikirini kuda kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, tinyenyezi toyera tothwanima, kapena chithunzi kusoweratu mukangoika Enhanced. Zikatero, pa PS5 ikani 4K Video Transfer Rate pa -1. Kudako kukatha, mwagwira wakuba, ndipo sinthani chingwe chimodzi pa nthawi, kuyambira ndi chachitalicho.

Mukakhazikika pa njira yomwe mwasankha, bwerezani Adjust HDR pa PS5, tivi ili pa Game Optimiser ndipo Dynamic Tone Mapping ili pa HGiG. Anthu amadumpha sitepe imeneyi kenako n'kumati HDR ya mu risiva ndi yotuwa, chonsecho akuona khomo lina lokhala ndi zosankha zina za kuwala.

Ngati tsiku lina mudzafunabe risiva yodutsitsa zonse, mwina chifukwa makonso achuluka, musakhutire ndi mawu oti 8K pa katoni. Werengani kumbuyo kuti ndi makomo angati omwe amalandira 4K ya 120 Hz. AVR-X2700H ya 2020 ili ndi limodzi lokha, pomwe AVR-X2800H ya 2022 ili ndi atatu, ndipo ngakhale pamenepo muyenera kuika 4K/8K Signal Format pa 8K Enhanced. Pa zogula kwa munthu samalaninso ndi marisiva oyambirira a HDMI 2.1 a 2020. Ena a Denon, Marantz ndi Yamaha ankadetsa sikirini akalandira 4K ya 120 Hz ndi HDR kuchokera ku Xbox Series X, ndipo Denon ndi Marantz anachita kupereka kabokosi kapadera, SPK618, koika pakati. Ngati mukuganiza zodzaonjezera Xbox, funsani wogulitsa ngati kabokosiko kalipo kapena ngati risivayo inapangidwa vutolo litakonzedwa kale, ndipo muiyese ndi konso musanapereke ndalama.